Nyumba Ikatsala ya Anthu Awiri

Chotsindwi chimayamba ndi mphika. Mayi amene wakhala akuphikira anthu asanu ndi mmodzi kwa zaka 20 amapezeka wathiranso ufa wambiri, nsima n'kumatsala mkute tsiku ndi tsiku. Chitsirizira chapita ku sekondale yogonera konko, ndipo dzanja silinazolowere.

Kusungulumwa kumeneku sikufika tsiku lomuperekeza, pakuti tsikulo mutu umakhala pa fizi, sutikesi ndi thumba la chiponde. Kumadza pakatha sabata kapena awiri, makamaka madzulo, nthawi imene mwana ankabwera n'kufunsa za ndiwo. Mwana ndiye ankagawa tsiku la makolo: kudzuka, kutuma, kukalipa, kudya. Iye akachoka, maola amangoyenda opanda malire. Bambo ndi mayi amene nkhani zawo zonse zinali za ana amadzidzimuka kuti alibe chokambirana.

Ukwati umapweteka mosiyana. Wa kusukulu amabwera pa holide, koma kumadera a chikamwini mnyamata akakwatira amakamanga kwa mkazi, ndipo akabwera kwawo ndi mlendo woyalilidwa mphasa. Ambiri amathamangira kutenga mdzukulu kuti azimutuma, ngakhale nthawi zina n'kungosamutsira chisonicho kwa mayi wake wa mwanayo.

Kusowa mwana si matenda, ndipo kumazilala pang'onopang'ono. Koma ngati kholo latha masabata opitirira awiri lili ndwii tsiku lonse, losagona, losafuna kudya, litasiya kumunda ndi kutchalitchi komwe, apo mpofunika kupita kuchipatala, chifukwa akhoza kukhala matenda a maganizo.