Kuyabwa kwa pakhosi kosatherapo: gwero lake likhoza kukhala m'mphuno

Unduna wa Zaumoyo ukudziwitsa anthu okhala m'chigwa cha Domasi ndi madera oyandikana nawo m'boma la Zomba kuti kuyabwa kapena kukanda kwa pakhosi komwe kumatenga masabata ambiri nthawi zambiri sikuyambira pakhosipo ayi. Mwa anthu ambiri vutoli limayambira m'mphuno, pamene mamina ochuluka kapena olimba amatsikira kummero kudzera kumbuyo kwa mphuno. Munthu wotere akhoza kumwa mankhwala a chifuwa mabotolo angapo osaona kusintha, chifukwa akuchiza malo omwe mamina akufikira, osati komwe akuchokera. Chidziwitso chino chikufotokoza mmene vutoli limayambira, mmene mungalizindikirire, zomwe mungachite pakhomo, ndi nthawi yomwe muyenera kupita kuchipatala mosazengereza.

Mmene vutoli limayambira

Mphuno ya munthu wathanzi imapanga mamina pafupifupi lita imodzi pa tsiku. Ntchito ya maminawa ndi kunyowetsa mpweya komanso kugwira fumbi ndi tizilombo tisanafike m'mapapo. M'kati mwa mphuno muli timaubweya tosaoneka ndi maso tomwe timakankhira maminawa kumbuyo, ndipo munthu amawameza limodzi ndi malovu osazindikira. Ena mwa maminawa amachokera m'timphako ta mpweya tomwe tili m'mafupa a masaya, a pamphumi ndi a pakati pa maso. Timphakoti ndi tomwe achipatala amatitcha masainasi, ndipo timatsegukira m'mphuno kudzera m'timabowo tating'ono kwambiri.

Vuto limayamba khungu la m'kati mwa mphuno likatupa. Mamina amachuluka kapena kulimba, ndipo pakhosi pamayamba kumva chinthu chomwe kale sipankachimva. Munthu amayamba kutsokomola pang'onopang'ono pofuna kuchotsa chinthucho, koma kutsokomolako kumapweteka khungu la pakhosi ndi timinofu totulutsa mawu, choncho kuyabwa kumapitirira.

Zinthu ziwiri ndizo zimatupitsa mphuno kawirikawiri. Choyamba ndi kusayanjana kwa thupi ndi zinthu zina zouluka mumpweya, vuto lomwe achipatala amalitcha alaji. Chachiwiri ndi kutupa kwa masainasi, komwe kawirikawiri kumatsatira chimfine. Timabowo tija tikatsekeka, mamina amaunjikana m'timphakomo ndi kumatuluka pang'onopang'ono atalimba kale.

Zomwe zimautsa vutoli ku Domasi

M'chigwa cha Domasi, nyengo iliyonse ili ndi chake. Kumapeto kwa dzinja udzu umachita maluwa ndipo mungu wake umauluka ndi mphepo. Nthawi yokolola imabweretsa fumbi la popuntha mpunga, potonola ndi kupeta chimanga, ndiponso la kuchigayo. Mu Juni ndi Julayi, mphepo yozizira ya m'munsi mwa mapiri a Zomba ndi Malosa imachititsa mabanja kutseka mazenera ndi kuwotha moto m'nyumba, ndipo utsi wa nkhuni ndi wa mbaula umakhala m'chipinda usiku wonse. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa pamakhala fumbi la m'misewu ndi utsi wa moto wa kutchire. M'nyumba zachinyontho muli chuku, mphemvu ndi tinthata ta m'fumbi tomwe timakhala m'mabulangete, m'matiresi ndi m'mitsamiro, ndipo izi zimavutitsa anthu ena chaka chonse.

Utsi ndi fumbi zimapweteka mphuno ya munthu aliyense. Mungu, chuku ndi tinthata zimavutitsa makamaka amene thupi lawo silikuyanjana nazo, ndipo vutoli limakonda kuyenda m'magazi pamodzi ndi mphumu ndi ziwengo.

Mmene mungazindikirire

Chizindikiro chachikulu ndi kumva ngati pali chinthu choterera chomwe chakakamira kumbuyo kwa mmero, chomwe sichichoka ngakhale mutameza malovu kangapo. Vutoli limakula mukagona chagada usiku ndiponso podzuka m'mawa, ndipo mawu amatha kusasa. Nthawi zambiri thupi silitentha, ndipo chakudya chimamezeka bwinobwino.

Ngati gwero lake ndi alaji, mamina amakhala oyera ngati madzi, munthu amayetsemula motsatizana, ndipo mphuno, maso ndi m'kamwa cha kumwamba zimayabwa. Zizindikirozi zimabwera nyengo yofanana chaka ndi chaka kapena munthu akangogwira ntchito ina yake. Ngati gwero lake ndi masainasi, mamina amakhala olimba, achikasu kapena obiriwira, mphuno imatsekeka, kumaso kumalemera makamaka powerama, mano a m'mwamba amatha kuwawa, ndipo munthu samva bwino fungo la zinthu.

Chitsanzo

Tiyerekeze mayi wina wophunzitsa pasukulu ya pulayimale m'derali. Mu Meyi anathandiza kukolola ndi kupeta, ndipo anayamba kuyetsemula ndi kutuluka mamina amadzimadzi. Patatha masabata 5 kuyetsemula kwachepa, koma pakhosi pakukandabe. Pofika masana mawu amasasa m'kalasi, ndipo usiku amadzuka kawiri kapena katatu akutsokomola. Wagula kale mankhwala a chifuwa ndi makapisozi kugolosale, koma palibe chasintha.

Mayiyu akafika kuchipatala, wachipatala sayambira pa mphuno. Popeza chifuwa chapitirira masabata 2, amayamba wamufunsa za kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuwonda, ndi kumupempha makhololo kuti ayezedwe chifuwa chachikulu. Amamufunsanso ngati akumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ngati amamva chilungulira, ndiponso ngati m'chifuwa mumalira popuma. Zonsezi zikapanda kupezeka, amaunika m'mphuno ndi kummero. Akaona khungu la m'mphuno lotupa ndi lotuwa, ndi mamina akutsetsereka kumbuyo kwa mmero komwe kwachita timatuza ting'onoting'ono, amadziwa kuti gwero ndi mphuno. Mbiri ya mayiyu, yoti chaka chathanso anavutika nthawi yokolola, ikuloza ku alaji. Makapisozi aja sakanathandiza, chifukwa amapha mabakiteriya, ndipo alaji sayamba ndi mabakiteriya.

Thandizo la mayiyu ndi kutsuka m'mphuno kawiri pa tsiku, kumwa mankhwala a alaji, kuvala chophimba kukamwa ndi mphuno popeta ndi posesa, ndi kupukuta bolodi ndi nsalu yonyowa. Akamva kukanda, amwe madzi pang'ono m'malo motsokomola. Kusintha kumayamba kuoneka pakatha sabata imodzi kapena 2, koma pakhosi pamachedwerapo kupola. Ngati patatha mwezi palibe kusintha, abwerere kuchipatala kuti akaunikidwenso.

Katsukidwe ka m'mphuno

Wiritsani madzi okwana theka la lita, ndipo muwasiye azizire mpaka akhale ofunda pang'ono. Thiranimo mchere wosalala sipuni yaing'ono imodzi yosasefukira, ndi kutakasa mpaka usungunuke. Mchere ukachuluka umawawa m'mphuno, ndipo madzi opanda mchere nawonso amawawa. Sambani m'manja ndi sopo, thirani madziwo pang'ono pachikhatho, weramirani pabeseni, tsekani mphuno imodzi ndi chala, ndipo kokani madziwo pang'onopang'ono ndi mphuno inayo mpaka atulukirenso kumphuno kapena kukamwa. Lavulani, minani mosakakamiza, kenaka chitani chimodzimodzi mbali inayo. Konzani madzi atsopano tsiku lililonse.

Musagwiritse ntchito madzi osawiritsa, kaya ndi a mumtsinje wa Domasi, a pachitsime, a pamjigo kapena a pampopi. Madzi omwe m'mimba mukhoza kuwalandira akhoza kukhala ndi tizilombo toopsa tikalowera m'mphuno. Ana aang'ono asakoke madzi motere. Kwa iwo, funsani achipatala za madontho a madzi amchere.

Pogona, kwezani kumutu kwa bedi kapena onjezerani mtsamiro. Yanikani zofunda padzuwa kawirikawiri, wazani madzi musanasese, ndipo musagone ndi mbaula yoyaka m'chipinda chotseka.

Za mankhwala

Piritoni amachepetsa kuyetsemula ndi mamina, koma amagonetsa. Oyendetsa galimoto, akabaza ndi ogwira ntchito pamakina asamwe masana, ndipo asaphatikizidwe ndi mowa. Setirizini, yemwe munthu wamkulu amamwa mamiligalamu 10 kamodzi pa tsiku, sagonetsa kwambiri. Ngati mphuno ndi yotsekeka nthawi yaitali, achipatala akhoza kulemba mankhwala opopera m'mphuno ochepetsa kutupa, monga bekilometazoni. Amenewa sagwira ntchito tsiku lomwelo. Amafunika kupopera tsiku lililonse kwa masabata 2 kapena kuposerapo, ndipo ambiri amalakwitsa powasiya patangotha masiku atatu. Popopera, lozetsani kamlomo ka botolo cha kukhutu, osati ku khoma la pakati pa mphuno, kuti mupewe kamfuno.

Chenjerani ndi madontho otsegula mphuno nthawi yomweyo. Akagwiritsidwa ntchito kupitirira masiku 5, mphuno imayamba kutsekeka kwambiri mphamvu yake ikatha, ndipo munthu amalephera kuwasiya.

Mamina obiriwira paokha si umboni woti pakufunika mankhwala opha mabakiteriya monga amokisisilini, chifukwa chimfine wamba chimasinthanso mtundu wa mamina. Achipatala amaganizira mankhwalawa ngati zizindikiro za masainasi zapitirira masiku 10 osachepa, ngati munthu anayamba kupeza bwino kenaka n'kudwalanso kwambiri, kapena ngati thupi latentha kwambiri pamodzi ndi kuwawa kwa kumaso. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana aang'ono asalandire mankhwala alionse popanda uphungu wa achipatala.

Nthawi yofunika kupita kuchipatala

Si kuyabwa konse kwa pakhosi komwe kumachokera m'mphuno, ndipo Unduna ukuchenjeza kuti munthu asadzitonthoze ndi chidziwitso chino pamene ali ndi zizindikiro zotsatirazi.

Chifuwa cha masabata 2 kapena kuposerapo chiyenera kuyezedwa chifuwa chachikulu, ndipo amene ali ndi kachilombo koyambitsa Edzi asadikire masabatawo. Kuyezaku ndi kwaulere m'zipatala za boma.

Kuvutika kumeza nsima kapena kumva chakudya chikuima pachifuwa, makamaka pamodzi ndi kuwonda, kukufunika kuunikidwa msanga, chifukwa khansa ya kummero ndi yofala m'dziko muno. Chimodzimodzinso mawu osasa kupitirira masabata 3, magazi m'makhololo, kapena chotupa pakhosi.

Kutupa kozungulira diso, kuona zinthu ziwiriziwiri, mutu waukulu kapena kuuma khosi mwa munthu wodwala masainasi ndi vuto ladzidzidzi. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Mwana amene akutuluka mamina onunkha mbali imodzi yokha mwina analowetsa njere ya chimanga kapena nyemba m'mphuno. Musayese kuitokosa pakhomo. Mwana amene pakhosi pakuwawa ndipo thupi latentha popanda chimfine aonedwe msanga, chifukwa matenda ena a pakhosi akapanda kuchizidwa amawononga mtima.

Amene amamwa enalapulo kapena kaputopulo pothana ndi kuthamanga kwa magazi adziwe kuti mankhwalawa amatha kuyambitsa chifuwa chouma. Musawasiye nokha. Fotokozerani achipatala kuti aone ngati angawasinthe.

Anthu a m'derali akhoza kuyambira kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwawo, pachipatala cha Domasi kapena pachipatala chilichonse chomwe ali nacho pafupi, ndipo ofunika kuunikidwa mozama adzatumizidwa ku Chipatala Chachikulu cha Zomba. Popita, tengani buku lanu la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse omwe mwamwa kale, ndipo konzekerani kufotokoza mwezi womwe vutoli linayamba ndi ntchito yomwe munkagwira pa nthawiyo.