Kupempha abwana kuti akulipirireni kosi ya kilawudi

Makalata ambiri opempha kosi amene ndawerengapo amafera m'ndime yoyamba. Amayamba ndi mawu akuti, "Ndikufuna kuwonjezera luso langa." Zimandiwawa, chifukwa wolembayo nthawi zambiri amakhala wakhama ndipo kosiyo imakhala yofunikadi. Koma abwana ali ndi bajeti yoti aiteteze, ndipo funso lawo ndi limodzi: ndalamayi ikatuluka, ndi vuto liti la pano limene lithe? Waganyu wofuna kuti mwini munda amugulire khasu sanena kuti amakonda makasu. Amaloza udzu umene wamera m'chimanga.

Choncho musanalembe chilichonse, pezani udzuwo. Tiyerekeze kuti kampani yanu inasamutsira maseva ake ku AWS, ndipo bilu yakhala ikukwera miyezi itatu yotsatizana popanda wodziwa chifukwa. Izi zimachitika kawirikawiri. Munthu amazimitsa seva ya EC2 n'kuganiza kuti kulipira kwatha, osadziwa kuti disiki yake ya EBS ikuwerengedwabe ndalama mwezi ndi mwezi. Zili ngati kutseka sitolo koma osabweza makiyi: lendi imapitirira. Wina amasunga mafayilo akalekale mu S3 pamtengo wa zinthu zotsegulidwa tsiku lililonse, chikhalirecho ndi oyenera kupita ku Glacier kumene n'kotchipa. Tsegulani Cost Explorer, kapena pemphani a ku akaunti akuonetseni mabilu, mulembe manambala enieni. Kalata yokhala ndi nambala yochokera m'mabuku a kampani yomweyo ndi yovuta kuikankhira pambali.

Ndime yoyamba imveke chonchi:

"Bwana, bilu yathu ya AWS yakwera miyezi itatu yotsatizana, ndipo pakawonongeka chinthu timadikira katswiri wakunja. Ndikupempha kuti kampani indilipirire kosi ndi mayeso a AWS Certified Solutions Architect – Associate. Pakatha masiku 30 nditalemba mayeso, ndidzakupatsani lipoti la zonse zimene tikulipira koma sitikuzigwiritsa ntchito."

Taonani kuti lonjezolo ndi loti abwana angathe kudzaliona ndi maso. Musalonjeze kuti bilu idzatsika ndi theka. Simukudziwa zimenezo, ndipo mukadzalephera, pempho lanu lachiwiri silidzamveka. Lonjezani lipoti, lonjezani kutchera chenjezo la AWS Budgets loti lizikudziwitsani ndalama zikadutsa malire, lonjezani kuphunzitsa anzanu awiri a muofesi Lachisanu masana. Izi zili m'manja mwanu.

Palinso kulakwitsa kwina kumene ndimakuona: kupempha satifiketi imene yatchuka m'malo mwa imene ikugwirizana ndi zida za kampani. Ngati ofesi yanu imadalira Microsoft Azure, kupempha kosi ya AWS kuli ngati kugula matayala a lole pamene pakhomo pali njinga yamoto. Pemphani AZ-104. Abwana akaona kuti satifiketiyo sikukhudza ntchito ya pano, amaganiza kuti mukukonzekera kuchoka.

Ndipo mantha amenewo alipo ngakhale mutasankha bwino. Musadikire kuti awatchule okha. Lembani kuti mukuvomera kusayina pangano loti mukasiya ntchito chaka chisanathe, mudzabweza gawo la ndalamazo, ndipo gawolo lizichepa miyezi ikamapita. Werengani panganolo bwinobwino: kosi ya miyezi iwiri isakumangeni zaka zitatu.

Za mtengo, nenani zonse kamodzi. Mayeso a Solutions Architect – Associate ndi madola 150, ali ndi mafunso 65 oyankha m'mphindi 130, ndipo kuti mukhoze pamafunika 720 pa 1,000. Mukalephera mumadikira masiku 14 n'kulipiranso ndalama yonse, ndiye nenani poyera amene adzalipire ulendo wachiwiriwo. Ine ndimalangiza kuti mudzipereke nokha. Satifiketiyo imatha pakapita zaka zitatu. Onjezani mtengo wa kosi ndi wa intaneti. Kwa amene muli ku Malawi, kumbukirani kuti malipiro ndi a madola ndipo ndalama zakunja zimavuta kupeza, choncho tchulani mtengo m'madola komanso m'makwacha pamtengo wa tsiku limene mukulemba, ndipo funsiranitu ngati khadi la kampani lingalipire. Ngati mudzalembere mayeso pa intaneti kudzera ku Pearson VUE, konzani chipinda chachete, kamera, ndi magetsi oti sangazime pakati pa mayeso.

Tchulani maola amene mudzafune pa sabata ndi amene adzagwire ntchito yanu panthawiyo. Kalata isapitirire tsamba limodzi, ndipo muitumize bajeti ya chaka chamawa isanatsekedwe. Pomaliza ikani njira yachiwiri yotsika mtengo, monga yoti kampani ilipire mayeso okha, inu muphunzire ndi maphunziro aulere a pa AWS Skill Builder, kenako pemphani mphindi 15 zoti mukambirane sabata yamawa.