Samu ya tomato ndi kabichi yomwe imasokoneza ana m'kalasi

Mayi wafika pamsika, wasankha mulu wa tomato wa K2,000 ndi mitu itatu ya kabichi, uliwonse pa mtengo wa K1,500. Wogulitsa sachedwa n'komwe: "Zonse ndi K6,500, mayi." Palibe amene angamutsutse.

Koma samu yomweyi ikalembedwa pa bolodi kuti 2,000 + 3 × 1,500, ana ambiri amaiwerenga ngati chiganizo, kuchokera kumanzere kupita kumanja. Amaphatikiza 2,000 ndi 3 n'kupeza 2,003, kenako n'kuchulukitsa ndi 1,500. Yankho lawo limatuluka K3,004,500, ndalama zoposa mamiliyoni atatu pa ndiwo zokwana m'jumbo imodzi!

Cholakwika chili pa 3 uja. Nambalayi si makwacha ayi, ikuwerenga mitu ya kabichi, ndipo mnzake ndi 1,500. Kulemba 3 × 1,500 ndi chidule chabe cha 1,500 + 1,500 + 1,500. Mwana amene waphatikiza 2,000 ndi 3 wasakaniza makwacha ndi mitu ya kabichi. N'chifukwa chake kuchulukitsa kumayamba, kupereka K4,500 ya kabichi, ndipo ndalama ya tomato imabwera pambuyo.

Aphunzitsi amakumbutsa ana ndondomekoyi ndi mawu oti BODMAS. Zam'mabulaketi zimatsogola, kenako mapawa, kenako kugawa ndi kuchulukitsa, pomaliza kuphatikiza ndi kuchotsa. Motero 2 + 3 × 4 ndi 14, pamene (2 + 3) × 4 ndi 20.

Komabe mawuwa ali ndi msampha wawo, ndipo umakola ngakhale ana akhama amene anawaloweza bwino. Poona kuti A watsogola S, iwo amaganiza kuti kuphatikiza n'kwakukulu kuposa kuchotsa. Akapatsidwa 10 − 3 + 2 amathamangira 3 + 2, n'kuchotsa 5 pa 10, n'kulemba 5. Chikhalirecho munthu amene anali ndi mbuzi 10, wagulitsa zitatu, m'khola n'kubadwa ziwiri, ali ndi mbuzi 9. Kuphatikiza ndi kuchotsa n'zofanana mphamvu, monganso kugawa ndi kuchulukitsa, ndipo zofanana mphamvu zikatsatana m'pamene munthu amayenda kuchokera kumanzere. Choncho 24 ÷ 4 × 2 ndi 12, osati 3. Mwana woloweza zilembo popanda kuuzidwa zimenezi sanathandizidwe mokwanira.

Makina owerengera nawonso sagwirizana. Aang'ono a m'magolosale amawerengeratu nthawi iliyonse munthu akadina chizindikiro chatsopano, pamene asayansi amene ana a sekondale amagwiritsa ntchito amatsata ndondomeko ija. Kholo lofuna kudziwa mtundu wa makina ali pakhomo lingodina `2 + 3 × 4 =`. Akaonetsa 20, mwana asawadalire poyesa mayankho a homuweki yotereyi.