Usiku wa Lachisanu pa seva: momwe dzina limodzi limagwetsera webusaiti

Webusaiti iliyonse yogulitsira katundu imayenda ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi pulogalamu, yomwe imauza kompyuta chochita munthu akadina batani. Chachiwiri ndi detabesi, nkhokwe yosungamo maina a makasitomala, maoda ndi ndalama zomwe alipira. Zonsezi zimakhala pa seva, kompyuta yomwe imagwira ntchito usana ndi usiku. Wolemba mapulogalamu akasintha china chake, amachitumiza ku sevayo kuti anthu ayambe kuchigwiritsa ntchito, ndipo a ntchitoyi amati kudipuloya. Nkhani yotsatirayi ndi chitsanzo chabe, koma zolakwika zake ndi zomwe zimachitikadi kawirikawiri.

Mnyamata wina yemwe wangoyamba kumene ntchito pa kampani yogulitsa katundu pa intaneti wapatsidwa kantchito kooneka kosavuta. Mu detabesi muli tebulo la makasitomala, ndipo kolamu yosunga manambala a foni ili ndi dzina lakuti `phone`. Iye wauzidwa kuti alisinthe likhale `phone_number`. Wakonza pulogalamu malo onse omwe wawapeza, wayesa pa kompyuta yake, zonse zayenda. Lachisanu cha m'ma 5 koloko madzulo, anzake akuweruka, iye akudipuloya. Akutsegula tsamba loyamba, akulowa mu akaunti yoyesera, akuona kuti zili bwino, nanyamuka ulendo wa kunyumba.

Pali malo amodzi omwe sanawaone. Kasitomala akalipira pa foni, kampani yoyendetsa malipiro imatumiza uthenga ku seva wotsimikiza kuti ndalama zalowa. Kachigawo ka pulogalamu kolandira uthengawo kamafufuza kasitomala pogwiritsa ntchito nambala yake, ndipo kakuitanabe dzina lakale lija. Kachigawoka kalibe tsamba loti munthu aliwone, choncho kuyendera webusaiti ndi maso sikungaulule vutolo. Ndalama zikuchoka m'mafoni a anthu, koma maoda awo akuonekabe ngati osalipiridwa.

Pofika 9 koloko usiku madandaulo achuluka ndipo mnyamatayo waimbiridwa foni. Malo oyamba kuyang'ana pa nthawi yotere ndi malogi, kaundula yemwe seva imalembamo chilichonse chochitika pamodzi ndi nthawi yake. M'menemo akupeza nambala 500 ikubwerezabwereza kuyambira mphindi yomwe anadipuloya. Nambala imeneyi imatanthauza kuti pempho linafika pa seva koma pulogalamu inalephera kulikwaniritsa. Pafupi ndi nambalayo pali uthenga wochokera ku detabesi ya PostgreSQL:

```
ERROR: column "phone" does not exist
```

Uthengawu ukunena kuti kolamu ya dzina limenelo kulibe. Chifukwa cha mantha, mnyamatayo sakuima kuti auganizire. Akuthamangira kubweza pulogalamu ya dzulo ndi lamulo la `git revert`, poganiza kuti zomwe zinkayenda dzulo ziyendanso lero. Apa ndi pomwe zinthu zikuipiratu. Git imasunga mbiri ya pulogalamu yokha, ndipo siikhudza zomwe zasintha mu detabesi. Pulogalamu ya dzulo imafuna `phone` paliponse, pomwe detabesi ikadali ndi `phone_number`. Poyamba chinafa chinali chigawo chimodzi, koma tsopano palibe kasitomala yemwe angalowe mu akaunti yake kapena kugula kanthu.

Kubweza mopupuluma kwapwetekapo ngakhale makampani akuluakulu. Pa 1 Ogasiti 2012 kampani ya Knight Capital ya ku America, yomwe inkagula ndi kugulitsa masheya, inataya ndalama pafupifupi madola 440 miliyoni m'mphindi 45. Pulogalamu yatsopano inali itaikidwa pa maseva 7 mwa 8. Poyesa kukonza, akatswiri ake anaichotsa pa maseva 7 aja, ndipo vuto lomwe linali pa seva imodzi linafalikira kwa onse.

Cha m'ma 10 koloko mnyamata uja akuimbira mkulu wake pa ntchito, chinthu chomwe chinkafunika pachiyambi pomwe. Mkuluyo akumutsogolera m'ndondomeko yoyenera. Choyamba ndi kuimitsa kugula, poika tsamba louza anthu kuti webusaiti ikukonzedwa, kuti ndalama zina zisapitirire kulowa popanda kulembedwa. Chachiwiri ndi kutenga bakapu, kope lonse la detabesi momwe ilili pa mphindi imeneyo, kuti kukonzako kukalakwika pakhale pobwerera. Mnyamatayo akufunsa ngati sikungakhale kwachangu kungobwezeretsa bakapu ya usiku wa Lachinayi. Yankho ndi lakuti ayi, chifukwa kutero kungafufute maoda onse a Lachisanu, ngakhale omwe anayenda bwino masana. Chofunika ndi kubweza chinthu chokhacho chomwe chinasinthidwa:

```
ALTER TABLE customers RENAME COLUMN phone_number TO phone;
```

Lamuloli silitenga nthawi, ndipo pulogalamu ya dzulo ndi detabesi zikumvananso. Asanatsegulire anthu, awiriwo akugula kanthu kotchipa ndi ndalama zenizeni, n'kuona oda ikusintha kukhala yolipiridwa, ndipo nambala 500 yasiya kutuluka m'malogi.

Ntchito yomwe ikudya usiku wonse ndi yotsalayo. Kwa maola oposa anayi anthu ankalipira koma malipiro awo sankalembedwa. Mnyamatayo akutenga mndandanda wa malipiro kuchokera ku kampani yoyendetsa malipiro, kuyambira 5 koloko mpaka nthawi yomwe kugula kunaimitsidwa, n'kumaufananiza ndi maoda mmodzimmodzi pogwiritsa ntchito nambala ya malipiro aliwonse. Misampha ilipo iwiri. Makampani ambiri a malipiro amatumizanso uthenga wotsimikiza ngati woyamba sunalandiridwe, kotero maoda ena adzikonza okha, ndipo kuwalembanso pamanja kungachititse kuti katundu atumizidwe kawiri. Komanso makasitomala ena, ataona kuti oda sikusintha, analipiranso kachiwiri, ndipo ayenera kubwezeredwa ndalama zawo. Mndandandawo ukutha kunja kukucha.

Chomwe chinagwetsa webusaiti si Lachisanu. Cholakwikacho chikanachitika tsiku lina lililonse. Koma Lachiwiri m'mawa madandaulo oyamba akanafika anthu onse ali mu ofesi, ndipo vuto likanadziwika m'mphindi zochepa. Lachisanu madzulo odziwa bwino webusaiti amakhala atabalalika, wokonza amakhala atatopa, pomwe makasitomala akupitiriza kugula. N'chifukwa chake makampani ena amaletsa kudipuloya tsikuli, pomwe ena amadipuloya tsiku lililonse chifukwa ali ndi mayeso odziyendera okha, belu lochenjeza zolephera zikachuluka, ndi munthu wa pa ntchito usiku.

Dzina la kolamu lili ndi njira yake yosinthira popanda ngozi, ndipo imachitika pang'onopang'ono. Poyamba amaonjezera kolamu yatsopano yakale ikadalipo, pulogalamu n'kumalemba m'makolamu onse awiri. Kenako amakopera manambala akale mu yatsopanoyo, n'kusintha pulogalamu kuti iziwerenga m'menemo. Yakale imafufutidwa pakapita masiku, zikatsimikizika kuti palibe chigawo chomwe chikuifunabe. Pa sitepe iliyonse kupatula yomalizayi, pulogalamu ya dzulo imatha kubwezedwa popanda kuswa kanthu.

Lolemba gulu limakhala pansi kulemba zomwe zinachitika, ola ndi ola. Makampani ochita bwino samalemba lipotili pofuna woti amuloze chala, chifukwa wantchito woopa chilango amachedwa kuitana thandizo. Mafunso amalunjika pa ndondomeko: chifukwa chiyani munthu watsopano anatha kusintha detabesi popanda wina kuunikanso ntchito yake, chifukwa chiyani chigawo cha malipiro chinalibe mayeso, ndiponso chifukwa chiyani oyamba kudziwa za vutolo anali makasitomala osati eni webusaiti. Yankho la funso lililonse limasanduka ntchito yopatsidwa munthu wake ndi tsiku loimalizira.