Satifiketi yatsopano ili pa disiki, koma foni ikuona yakale

Kampani ndi mabungwe ena amasunga okha imelo zawo pa seva yawoyawo m'malo mobwereka malo kwa ena. Amene amayang'anira maseva otere amalidziwa bwino tsiku lomwe mafoni onse a mu ofesi amayamba kudandaula pakamodzi kuti satifiketi ya seva yatha ntchito. Kawirikawiri woyang'anirayo amadabwa kwambiri, chifukwa anaikadi Certbot, pulogalamu yomwe ntchito yake ndi kutenga satifiketi yatsopano yakale isanathe. Akafufuza amapeza kuti Certbot sinalakwitse kanthu: satifiketi yatsopano ilipo, inafika mwezi wathunthu wapitawo. Nanga mafoni akudandauliranji?

Foni ikamatenga makalata ku seva, imatumiza dzina lanu ndi mawu anu achinsinsi. Kuti munthu amene ali nanu pa netiweki imodzi asawerenge zimenezi, foni ndi seva zimalankhulana mobisa pogwiritsa ntchito njira yotchedwa TLS. Koma kubisa kokha sikokwanira, popeza mungathe kubisirana mawu ndi wakuba mukuganiza kuti ndi seva yanu. Apa ndi pamene satifiketi imalowera. Ndi kafayilo kamene kamanena kuti seva iyi ndi mwinidi wa dzina lakuti, ndipo kamasainidwa ndi bungwe lomwe mafoni ndi makompyuta amalikhulupirira kale. Kali ngati chiphaso choyendetsera galimoto: pali dzina, pali amene anachipereka, palinso tsiku lomwe chidzathe ntchito.

Kale masatifiketi ankagulidwa ndipo ankakhala chaka kapena kuposa. Mu 2015 bungwe la ku America la Internet Security Research Group linayamba kuwapereka mwaulere kudzera mu Let's Encrypt, koma a masiku 90 okha. Kufupikako n'kwadala. Kiyi wachinsinsi akabedwa, wakubayo sapindula naye nthawi yaitali, komanso palibe munthu angamakumbukire ntchito yotere miyezi itatu iliyonse osaphonya, choncho aliyense amakakamizika kuisiyira makina. Certbot, yomwe imasamalidwa ndi bungwe la Electronic Frontier Foundation, ndi imodzi mwa mapulogalamu ogwira ntchito imeneyo.

Titenge seva ya Debian kapena Ubuntu yomwe dzina lake ndi `mail.example.com`. Pa seva imeneyi pali mapulogalamu awiri omwe amapezeka pa maseva ambiri a imelo: Postfix, yolandira ndi kutumiza makalata, ndi Dovecot, yomwe imapereka makalatawo ku foni kapena kompyuta ya mwini wake. Dzinalo liyenera kukhala likuloza kale ku adiresi ya sevayo mu DNS, ndipo likhale lomwelo lomwe anthu amalemba m'mafoni awo. Satifiketi ya `example.com` sithandiza munthu amene foni yake ikufunsa `mail.example.com`.

Let's Encrypt sipereka satifiketi musanasonyeze kuti dzinalo ndi lanudi. Njira yosavuta ndi iyi: Certbot imaika kafayilo ka mawu apadera pa seva yanu, kenako makina a Let's Encrypt amabwera kudzakawerenga kudzera pa poti 80, khomo lomwe masamba a pa intaneti amadzera. Akakapeza, ndiye kuti dzinalo likulozadi kwa inu. Seva ya imelo nthawi zambiri siikhala ndi pulogalamu ya masamba, choncho Certbot imatsegula yokha khomolo kwa timasekondi tochepa, n'kulitsekanso:

```
sudo certbot certonly --standalone -d mail.example.com
```

Ngati pa seva yomweyo pali Nginx kapena Apache, mwina chifukwa anthu amawerenganso makalata pa tsamba, lamuloli lilephera poti khomolo lili kale ndi mwini. Pamenepo mumagwiritsa ntchito `--webroot` n'kuuza Certbot foda yomwe iikemo kafayilo kaja.

Zikatheka, mafayilo amapezeka mu `/etc/letsencrypt/live/mail.example.com/`. Ofunika ndi awiri. `privkey.pem` ndi kiyi wachinsinsi, yemwe sayenera kuchoka pa sevayo. `fullchain.pem` ndi satifiketi yanu pamodzi ndi ya pakati yomwe imailumikiza ku bungwe lokhulupiriridwa lija. M'fodamo mulinso `cert.pem`, ndipo dzina lake limakopa, koma ilibe satifiketi ya pakatiyo, ndiye mapulogalamu ena a imelo amaikana. Postfix mumailozera chonchi mu `main.cf`:

```
smtpd_tls_cert_file = /etc/letsencrypt/live/mail.example.com/fullchain.pem
smtpd_tls_key_file = /etc/letsencrypt/live/mail.example.com/privkey.pem
```

Dovecot nayo mumailozera ku mafayilo awiri omwewo. Mu Dovecot 2.3 mizere yake ndi `ssl_cert` ndi `ssl_key`, ndipo chizindikiro cha `<` chimabwera patsogolo pa njira ya fayilo, mu 2.4 mayina anasintha kukhala `ssl_server_cert_file` ndi `ssl_server_key_file`. Chimene ndimaletsa kwambiri ndi kukopera mafayilowa ku foda ina. Zomwe zili mu `live` ndi zolozera chabe, ndipo Certbot imazisuntha kuti ziziloza ku satifiketi yatsopano nthawi iliyonse. Kope lomwe mwaika kwina limakhala momwemo mpaka tsiku lake litakwana.

Kutenga satifiketi yatsopano kumachitika popanda inu. Certbot ikaikidwa kuchokera ku mapaketi a Debian kapena Ubuntu imabwera ndi wotchi yake, yomwe imayendetsa `certbot renew` kawiri patsiku. Masiku ambiri imangoyang'ana n'kubwerera. Satifiketi ikatsala ndi masiku 30, m'pamene imapempha ina. Masiku 30 amenewo ndi mpata wakuti chikalephereka lero chiyesedwenso mawa.

Tiyerekeze kuti satifiketi yoyamba inatengedwa pa 1 Malichi. Idzatha pa 30 Meyi. Cha pa 30 Epulo Certbot yatenga yatsopano, yailemba pa disiki, yasuntha zolozera zija. Ntchito yake yathera pomwepo. Siidziwa kuti pa seva pali Postfix ndi Dovecot, ndipo siiziuza kanthu pokhapokha mutaiuza kutero.

Mapulogalamu awiriwa amachita zosiyana. Postfix imagwira ntchito kudzera m'timapulogalamu tating'ono tomwe sitikhalitsa: kamodzi kakatumikira kulumikizana 100, kapena kakakhala masekondi 100 opanda chochita, kamatseka ndipo kena kamayamba. Katsopanoko kamawerenga fayilo pa disiki, motero Postfix imayamba yokha kugwiritsa ntchito satifiketi yatsopano posakhalitsa. Dovecot siitero. Imawerenga satifiketi pamene ikuyamba kapena pamene yauzidwa kuti iwerengenso makonzedwe ake, kenako imasunga zomwe yawerengazo. Kuyambira 30 Epulo mpaka 30 Meyi imapitiriza kupereka satifiketi ya pa 1 Malichi, ndipo palibe amene amaona vuto chifukwa ikadali ndi mphamvu. Pa 30 Meyi mafoni amayamba kukana.

Chizindikiro chake n'chodziwika bwino: makalata ochokera kunja akufika pa seva, Postfix ikupereka satifiketi yabwino, koma kutsegula bokosi la makalata kukukanika. Woyang'anira akalemba `certbot certificates` amauzidwa kuti kwatsala masiku pafupifupi 60, ndipo n'zoona, popeza lamuloli limayang'ana fayilo ya pa disiki, osati zomwe Dovecot ikupereka. Vutoli limathanso kubisala kwa chaka. Seva ikazima n'kuyakanso m'kati mwa mwezi uja, kaya chifukwa cha magetsi kaya pokonza zina, Dovecot imawerenga fayilo yatsopano ndipo zonse zimaoneka zabwino. Limadzaonekera pamene sevayo yayenda nthawi yaitali osazima.

Chomwe chimandipweteka pa tsiku lotere si kuchedwa kwa makalata ayi. Ndi langizo lomwe limaperekedwa mwachangu mu ofesi: "Ingodinani kuti mwavomera, zipitirira." Munthu amene wazolowera kudina pamenepo adzadinanso tsiku lomwe chenjezolo lidzakhale loona, atalumikiza pa netiweki ya pa hotela pomwe wina akudziyesa seva yake, ndipo adzapereka yekha mawu ake achinsinsi.

Mankhwala ake ndi mizere iwiri. Certbot ili ndi foda yotchedwa `/etc/letsencrypt/renewal-hooks/deploy/`, ndipo fayilo iliyonse yotha kuyendetsedwa yomwe ili m'menemo imayendetsedwa satifiketi yatsopano ikangofika bwinobwino. Pangani fayilo, mwachitsanzo `imelo.sh`, yokhala ndi izi:

```
#!/bin/sh
systemctl reload postfix dovecot
```

Musaiwale kuipatsa chilolezo ndi `chmod +x`, chifukwa popanda chimenechi Certbot imangoidumpha. Lamulo la `reload` limauza mapulogalamuwo kuti awerengenso makonzedwe awo popanda kuzimiratu. Postfix ili pamenepo kuti isinthe nthawi yomweyo, koma amene tikumufuna kwenikweni ndi Dovecot.

Poyesa, ambiri amagwiritsa ntchito `certbot renew --dry-run`. Ndi lamulo labwino: limayesa njira yonse pa makina oyeserera a Let's Encrypt osakhudza satifiketi yeniyeni, ndipo limakutetezani ku malire akuti satifiketi ya mayina omwewo siperekedwa koposa kasanu pa sabata. Koma dziwani kuti palokha siliyendetsa mafayilo a mu `deploy`. Likhoza kunena kuti zonse zatheka pomwe kafayilo kanu kali ndi cholakwika. Kayendetseni nokha pamanja kamodzi, muone ngati kakudandaula.

Umboni weniweni ndi kufunsa seva monga momwe foni imaifunsira. Dovecot imamvera pa poti 993:

```
openssl s_client -connect mail.example.com:993 </dev/null | openssl x509 -noout -dates
```

Mzere woyamba ndi `notAfter` ndiwo tsiku lomwe satifiketi yomwe ikuperekedwayo idzathe. Pofunsa Postfix, sinthani nambala ikhale 587 ndipo muwonjezere `-starttls smtp`. Masiku awiriwa afanane, ndipo afananenso ndi lomwe `certbot certificates` ikunena. Akasiyana, pali pulogalamu yomwe yatsalira.

Pali vuto lina lomwe mathero ake ndi omwewo. Wina pounikanso chitetezo cha seva amaona poti 80 yotsegula, n'kunena kuti seva ya imelo siifunika khomo limeneli, n'kulitseka. Makalata amayendabe, koma pa tsiku la 60 makina a Let's Encrypt salowa, ndipo Certbot imalephera kawiri patsiku kwa mwezi wathunthu, zolakwikazo ikungozilemba mu `/var/log/letsencrypt/` momwe palibe akuwerenga. Ngati khomolo siliyeneradi kutsegulidwa, njira ina ilipo: kutsimikiza umwini polemba mawu apadera mu DNS pansi pa dzina la `_acme-challenge`. Imeneyi imayenda yokha pokhapokha kampani yosunga DNS yanu ikulola kuti pulogalamu izilembamo. Mukailemba pamanja, mudzayenera kuilembanso pamanja ulendo uliwonse.

Kale Let's Encrypt inkatumiza imelo yochenjeza satifiketi ikayandikira kutha. Inasiya mu Juni 2025, choncho kuyang'anira kwatsalira mwini seva. Ndi nzeru kukhala ndi kompyuta ina, osati seva yomweyo, yomwe tsiku lililonse imafunsa poti 993 ndi 587 n'kukuchenjezani masiku otsala akachepera 20. Pofika pamenepo Certbot imakhala italephera kwa masiku khumi, kapena yatenga satifiketi koma uthenga sunafike ku Dovecot. Chenjezolo lidzere njira ina, monga uthenga wa pafoni, osati bokosi la imelo la pa seva yomwe ikudwalayo. Let's Encrypt yalengeza kuti pofika 2028 masatifiketi ake azikhala masiku 45 okha, ndiye nambala ya 20 ija mudzayenera kuitsitsa nthawiyo ikafika.