Mtengo wa kuthyola kukwera kwa mitengo: zimene Amereka idalipira

Banki yaikulu ya dziko ikalengeza kuti yakweza chiwongoladzanja, ambiri timangoganiza za amene ali ndi ngongole. Koma chiganizo chimenechi chimakhudzanso funso lopweteka: kodi ndi anthu angati amene achotsedwe ntchito kuti mitengo ya zinthu isiye kuthamanga?

M'chaka cha 1958, katswiri wa zachuma A.W. Phillips adafufuza mbiri ya malipiro ku Britain kuyambira 1861 mpaka 1957. Adapeza kuti ulova ukachepa, malipiro amakwera msanga, chifukwa mabwana amalimbirana antchito ochepa amene atsala. Malipiro akakwera, mitengo imatsatira. Maboma ambiri adamva ngati apatsidwa mwayi wosankha: kulolera mitengo ikwereko pang'ono kuti anthu ambiri akhale pa ntchito.

Milton Friedman ndi Edmund Phelps adachenjeza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kuti mwayiwu ndi wa kanthawi, ndipo chifukwa chake chili m'mitu ya anthu. Tiyerekeze wogwira ntchito pafakitale amene wavomera kuti malipiro ake akwere ndi 3 peresenti poganiza kuti mitengo ikwera chimodzimodzi. Banki ikamasula ndalama, mitengo n'kukwera ndi 8 peresenti, bwana amagulitsa katundu modula pamene malipiro atsalira m'mbuyo. Wantchito wamutchipira, choncho amalemba ena. Koma wantchitoyo si mwana. Chaka chamawa adzafuna 8 peresenti, phindu la bwana lidzabwerera pakale, ulova udzabwereranso, koma mitengo idzapitirira kukwera ndi 8 peresenti yomweyo. Chimene chidachepetsa ulova n'chakuti kukwera kwa mitengoko kudawadzidzimutsa anthu, ndipo munthu sumudzidzimutsa chaka ndi chaka ndi chinthu chimodzimodzi.

Tsopano itembenuzeni nkhaniyi, chifukwa apa m'pamene pali misozi. Anthu atazolowera kuti mitengo imakwera ndi 12 peresenti, malipiro, lendi ndi ngongole zonse zimalembedwa motengera 12 ameneyo. Banki ikamanga ndalama, ogula amachepa, ndipo bwana amangokwanitsa kukweza katundu wake ndi 6 peresenti, pamene adasaina kale kukweza malipiro ndi 12. Kusiyanaku amakutseka pochotsa anthu ntchito. Ulova umakhala pamwamba mpaka anthu atakhulupirira kuti nyengo yasinthadi.

Amereka idadutsa m'moto umenewu. Paul Volcker adakhala mkulu wa banki yaikulu ya dzikolo mu Ogasiti 1979, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho adayamba kumanga ndalama mwamphamvu. M'chaka cha 1980 mitengo idakwera ndi 13.5 peresenti. Chiwongoladzanja chimene mabanki amabwerekana nacho chidafika cha m'ma 20 peresenti. Omanga nyumba adasowa ogula, ena n'kumatumiza zidutswa za matabwa ku bankiyo posonyeza mkwiyo, ndipo alimi adabwera ndi mathirakitala ku likulu lake mumzinda wa Washington. Pofika kumapeto kwa 1982, ulova udafika 10.8 peresenti, anthu pafupifupi 12 miliyoni. M'chaka cha 1983 mitengo idakwera ndi 3.2 peresenti yokha.

Akatswiri amayeza mtengo wa ntchito yotereyi pofunsa kuti dziko lataya chuma chochuluka bwanji pa peresenti iliyonse imene latsitsa. Ena panthawiyo ankanena kuti banki ikangolengeza molimba mtima, anthu asintha maganizo msanga ndipo ululu ukhala wochepa. Ine ndikuona kuti nkhani ya Volcker ikutsutsa chiyembekezo chimenechi. Anthu adali ataona banki ikulonjeza kenako n'kubwerera m'mbuyo m'zaka za m'ma 1970, ndipo ngakhale mu 1980 chiwongoladzanja chidatsitsidwa kwa miyezi ingapo chisanakwezedwenso. Adakhulupirira ataona kuti banki sikugonja ngakhale mafakitale akutsekedwa. Chizindikiro chake chidali mapangano atsopano a malipiro, amene adayamba kulembedwa ndi manambala otsika.

Kuno ku Malawi komiti ya banki yaikulu imagwiritsa ntchito chida chomwechi. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chiwongoladzanja cha bankiyo chidafika 26 peresenti mu Febuluwale 2024. Koma tisamakope nkhani ya Amereka mwachimbulimbuli. Chiwongoladzanja sichimeretsa chimanga mvula ikakana, ndipo sichibweretsa madola ogulira mafuta ndi feteleza. Chimene chingathe ndi kuletsa kuti kukwera kwa mitengo kobwera ndi mavuto amenewa kusalowe m'lendi, m'malipiro ndi m'mitengo ya chaka chamawa. Komanso poti ambiri mwa ife sitili pa ntchito yolembedwa, ululu wake suonekera bwino m'chiwerengero cha malova. Umaonekera kwa wageni amene walephera kubwereka mpamba, ndi kwa mmisiri amene maganyu a zomangamanga amuthera.