Kompyuta Sinalakwe, Koma Yankho Silodalirika

Pali masamu ena amene mwana wa sekondale angawamalize asanapale n'komwe pensulo yake. Manambala awiri osadziwika, x ndi y, amangidwa m'maikweshoni awiri: x + y = 2, ndiponso x + 1.0001y = 2.0001. Munthu akachotsa yoyamba mu yachiwiri atsala ndi 0.0001y = 0.0001, choncho y = 1 ndipo x = 1. Palibe chovuta.

Tsopano tiyerekeze kuti 2.0001 ija inachokera pa chipangizo choyezera, ndipo woyezayo atabwereza anapeza 2.0002. Kusiyanaku n'kochepa kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 20,000. Koma masamu omwewo akachitidwanso, y amakhala 2 ndipo x amakhala 0. Nambala yoyezedwa yangosuntha pang'onong'ono, yankho lasinthiratu. Palibe amene waphonya powerengera. Vuto lili m'maikweshoni enieniwo.

Chifukwa chake chimaoneka bwino munthu akajambula. Ikweshoni iliyonse ndi mzere wowongoka, ndipo yankho ndi pamene mizere iwiriyo yakumana. Njira ziwiri zikadutsana mopingasa, mphambano yake imadziwika, ndipo ngakhale njira imodzi itasunthidwa phazi limodzi mphambanoyo imangosuntha phazi limodzinso. Koma zikamayenda moyandikana n'kumakakumana pang'onopang'ono, kusuntha imodzi phazi limodzi kumakankhira mphambanoyo patali zedi. Mizere ya x + y = 2 ndi x + 1.0001y = 2.0001 ndi ya mtundu wachiwiriwu: yatsala pang'ono kugonerana.

Akatswiri a masamu amaika manambala ochulukitsa x ndi y m'ndandanda ya mizere yotchedwa matirikisi, A, n'kulemba funso lonse mwachidule kuti Ax = b. Muyeso wa kuterera kwa matirikisiyo ndi umene amautcha kondishoni nambala, ndipo amaulemba κ(A). Amene anabweretsa dzinali ndi Alan Turing wa ku Britain, mu pepala lake la mu 1948 lofotokoza zolakwika zobwera chifukwa chodula manambala powerengera matirikisi, lomwe analemba akugwira ntchito ku National Physical Laboratory. Nthawiyo panali mantha enieni. Mu 1943 Harold Hotelling anali atachenjeza kuti m'njira ya Gauss, yochotsa osadziwika mmodzimmodzi, zolakwika zingakule kanayi pa ikweshoni iliyonse yowonjezera, moti makina atsopanowo akanakhala opanda ntchito pa masamu aakulu. John von Neumann ndi Herman Goldstine mu 1947, kenako Turing, anaonetsa kuti manthawo anali opitirira muyeso.

Kuwerengera κ kumafuna zinthu ziwiri: kukula kwa A ndi kukula kwa matirikisi yobweza ntchito ya A, imene amailemba A⁻¹. Njira yosavuta yoyezera kukulako ndi kuphatikiza manambala a mumzere uliwonse, osasamala kuti ndi ochotsera kapena ayi, n'kutenga mzere umene wapereka zambiri. Pa chitsanzo chija, mzere waukulu wa A ndi 1 + 1.0001, kutanthauza 2.0001. Mu A⁻¹ muli 10,001 ndi −10,000 pamzere woyamba, −10,000 ndi 10,000 pa wachiwiri, ndiye kukula kwake ndi 20,001. Ziwirizi zikachulukitsidwa, κ imakhala pafupifupi 40,000.

Tanthauzo lake ndi ili: cholakwika chilichonse cha mu b, chikayezedwa poyerekeza ndi kukula kwa b, chingakule mpaka ka 40,000 chikamafika m'yankho. Chathu chija chinakula pafupifupi ka 20,000, kuchoka pa gawo limodzi mwa 20,000 kufika pa 100 peresenti. Sichinafike pa malire, chifukwa κ imanena zoipitsitsa zimene zingachitike, osati zimene zimachitika nthawi zonse.

Nanga kompyuta ikulowa pati? Kompyuta sisunga nambala yonse. M'kasungidwe kofala ka mabiti 64, imasunga madijiti pafupifupi 16, otsalawo n'kuwadula. Ngakhale 0.1 weniweniyo sakwana bwino m'kasungidweka. Choncho funso lisanayambe n'komwe kuwerengedwa, lili kale ndi kacholakwika ka pafupifupi 10⁻¹⁶. James Wilkinson, amene anagwira ntchito ndi Turing ndipo analandira mphoto ya Turing mu 1970, anasonyeza kuti njira yabwino yowerengera imapereka yankho lenileni la funso losiyana pang'ono chabe ndi limene linafunsidwa. Zimenezi zikumveka zolimbikitsa, koma kusiyana pang'onoko n'kumene κ imakukulitsa. Apa ndi pamene pamachokera lamulo limene ogwira ntchitoyi amalisunga pamtima: κ ikakhala pafupifupi 10ᵏ, madijiti pafupifupi k angatayike. Pa κ ya 40,000 amatayika anayi kapena asanu, n'kutsala 11, omwe ndi okwanira ntchito zambiri.

Matirikisi ena ndi aliuma kwambiri. Yotchuka ndi ya Hilbert, yooneka yosalakwa: mzere woyamba ndi 1, 1/2, 1/3 kumapitirira, wachiwiri ndi 1/2, 1/3, 1/4, motero motero. Sinangopekedwa kuti izunze ophunzira, imatulukira yokha munthu akamayesa kufananitsa mzere wokhota ndi mphamvu za x pakati pa 0 ndi 1. Aliyense wokhala ndi Python angaiyeze:

```python
import numpy as np
from scipy.linalg import hilbert
print(np.linalg.cond(hilbert(10)))
```

Pa mizere 5, κ ili pafupifupi 480,000. Pa mizere 10 imafika pafupifupi 1.6 × 10¹³, ndiye pa madijiti 16 aja odalirika ndi atatu okha. Pa mizere 12 imadutsa 10¹⁶. Kompyuta idzalembabe yankho la madijiti ambirimbiri mwaudongo, koma palibe chitsimikizo choti ngakhale yoyambayo ndi yoona.

Msampha umene umakola anthu ambiri, ngakhale ophunzira bwino, ndi kuyesa yankho polibwezera m'maikweshoni. Kusukulu amaphunzitsa choncho, ndipo n'zoona pa masamu a pamanja. Koma taonani yankho labodza x = 2, y = 0 pa funso loyamba lija. Ikweshoni yoyamba ikupereka 2, ndendende. Yachiwiri ikupereka 2 m'malo mwa 2.0001. Chotsalira ndi 0.0001 basi, chikhalirecho x ndi y onse aphonya ndi 1 wathunthu. Chotsalira chaching'ono chimangosonyeza kuti njira yowerengera yagwira bwino ntchito. Kuti munthu adziwe ngati yankho lili pafupi ndi loona, ayenera kuchichulukitsa ndi κ. Nayonso ditaminanti si mboni yodalirika: matirikisi ya mizere 20 yokhala ndi 0.1 pamzere wopingasa ndi ziro pena ponse ili ndi ditaminanti ya 10⁻²⁰, koma κ yake ndi 1, yomwe ndi yabwino kuposa ina iliyonse. N'chifukwa chake MATLAB ikamachenjeza imaonetsa `RCOND`, chiyerekezo cha 1/κ, chimene chikayandikira 10⁻¹⁶ ndiye kuti zinthu zavuta.

Mankhwala alipo, koma si a matenda onse. Nthawi zina κ imakula chifukwa choti chinthu china chayezedwa m'mamilimita pamene china chili m'makilomita, ndipo kulinganiza miyesoyo kumathandiza. Nthawi zina wowerengera amadzipalira yekha moto: amene amachulukitsa Aᵀ ndi A pofuna mzere woyenerana ndi zoyezedwa zake amasandutsa κ kukhala κ², moti 10⁶ imakhala 10¹², pamene njira ya QR sifuna kuchulukitsako. Kuwonjezera madijiti kumathandiza pokhapokha ngati manambala olowetsedwawo ali enieni, monga tizigawo ta Hilbert tija. Akakhala ochokera pa sikelo kapena chipangizo chodalirika pa madijiti anayi okha, ndipo κ ili 40,000, ndiye kuti 10⁻⁴ kuchulukitsa ndi 40,000 ndi 4: cholakwika chingakule kanayi kuposa yankho lenilenilo. Pamenepo woyezayo amayenera kubwerera kukayezanso mwanjira ina, kuti apeze ikweshoni yachiwiri yosafanana kwambiri ndi yoyamba.